Wantchito watsopano ndi katalogi ya pa foni: ayambire pa shelefu

Masiku ano mashopu ambiri a ku Limbe, ku Bwalo la Njobvu ngakhale ku Mzuzu ali ndi makomo awiri. Khomo lina ndi lija la zitsulo lomwe amatsekula m'mawa. Lina lili m'foni: katalogi ya pa WhatsApp Business, mapositi a pa Facebook Marketplace, ndi zithunzi za pa sitetasi. Khomo lachiwirili silitsekedwa. Munthu wa ku Mulanje amaliona usiku ali chigonere, n'kusankha katundu, m'mawa kukwera minibasi ndalama zili m'thumba. Akafika n'kuuzidwa kuti katunduyo anatha sabata yatha, kapena kuti mtengo womwe anaona uja ndi wakale, amabwerera atataya ya thiransipoti ndi tsiku lathunthu. Sabweranso, ndipo kwawo akafika amauza anzake.

Eni mashopu akatanganidwa amalemba mnyamata kapena mtsikana woti aziona za pa foni. Ambiri amasankha amene zala zake n'zachangu ndiponso amajambula bwino, n'kumupatsa foni tsiku loyamba lomwelo. Apa m'pamene zinthu zimayambira kupotoka. Ntchito yosamalira mapositi tsiku ndi tsiku kwenikweni ndi ntchito yowerenga katundu. Kujambula ndi kulemba mawu okopa zimabwera pambuyo. Choncho pepala lochonga lomwe mum'patse munthu watsopanoyo liyambire pa shelefu, foni ibwere pambuyo pake.

Kuti nkhani imveke, tiyerekeze shopu yogulitsa zipangizo za sola: mapanelo, mabatire, mainiveta, mababu ndi mawaya. Ndasankha imeneyi chifukwa katundu wake ndi wodula, amafanana maonekedwe pomwe ntchito yake ndi yosiyana, ndipo mitengo yake imayendera dola. Zomwe zingagwire m'shopu yotere zingagwirenso kwa wogulitsa mafoni, nsapato kapena zipangizo za galimoto.

Musanalandire munthuyo, inu eni ake muli ndi ntchito imodzi yoti mumalize: katundu aliyense akhale ndi nambala yake. Batire la jelo la 12V 100Ah likhale, mwachitsanzo, BT-100G, ndipo la lifiyamu la 100Ah yomweyo likhale BT-100L. Nambalayi ilembedwe malo atatu: pa kapepala komata pa shelefu, m'buku la sitoko, ndi m'katalogi, momwe muli kale malo olembedwa kuti Item code. Inu amene mwagulitsa zinthuzi zaka zambiri mumazisiyanitsa ndi diso limodzi. Mlendo akamva kuti “batire la handiredi” sadziwa kuti alipo mitundu iwiri, ndiponso kuti mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri. Nambala ndi imene imamuteteza mpaka diso lake litazolowera.

Chinanso chomwe ayenera kumva tsiku loyamba ndi chakuti katalogi ya pa WhatsApp Business siwerenga katundu. Imalandira dzina, mtengo, mafotokozedwe ndi zithunzi, ndipo imatha kusunga zinthu zofika 500, koma mukagulitsa batire lomaliza iyo sidziwa. Ipitiriza kulionetsa mpaka munthu atalibisa ndi dzanja lake. Achinyamata ambiri amaganiza kuti foni imadzikonzera yokha zinthu zotere. Muuzeni momveka kuti munthu wobisayo ndi iyeyo.

Tsopano mzere woyamba wa pepala lochonga, umene ndikufuna tikhalepo nthawi yaitali, chifukwa ukalakwika ina yonse imalakwika nawo. M'mawa, asanatsegule uthenga uliwonse, atenge buku la sitoko ndi cholembera apite pa shelefu. Sakuwerenga shopu yonse ayi. Kuteroko kungamutengere mpaka masana. Awerenge katundu amene anayenda dzulo, kuphatikizapo uja wodula amene watsala wochepa. Samu yake ndi yophweka: zomwe zinalipo dzulo m'mawa, kuphatikiza zomwe zafika, kuchotsa zomwe zatuluka, ndizo ziyenera kupezeka pa shelefu. Pa zimenezo achotsenso zomwe anthu analipira dipoziti. Zotsalazo ndi zokhazo zomwe tingalengeze kuti zilipo.

Tiyese ndi BT-100G. Buku likuti Lolemba m'mawa mabatire analipo 6. Palibe amene afika. Malisiti akuonetsa kuti awiri anagulidwa ndipo anapita. Mayi wina wa ku Thyolo anatumiza dipoziti ya limodzi pa Mpamba, adzatenga Lachisanu. Ndiye kuti Lachiwiri m'mawa pa shelefu payenera kukhala mabatire 4, limodzi mwa iwo lili ndi mwini kale, ogulitsa ndi 3. Wophunzira wathu wawerenga, wapeza 3 m'malo mwa 4.

Apa pali njira ziwiri zolakwika zomwe munthu watsopano amathamangira. Yoyamba ndi kukhulupirira buku, poganiza kuti mwina iye ndiye sanaone bwino, n'kusiya katalogi momwe ilili. Yachiwiri ndi kufufuta 4 m'buku n'kulemba 3 mwakachetechete, poopa kuti akanena amuganizira kuti waba. Zonsezi zimachokera ku mantha, ndipo mantha amenewa ndi bwana yekha angawachotse. Muuzeni kuyambira pachiyambi kuti manambala akasiyana si mlandu wake, ntchito yake ndi kunena nthawi yomweyo. Pa pepala pakhale malo olembapo nambala ya katundu, zomwe buku likunena, zomwe maso aona, ndi amene wauzidwa. M'chitsanzo chathu, atafunsa kwapezeka kuti waluso woika sola ananyamula batire limodzi madzulo kupita nalo ku Bangwe osalemba m'buku. Palibe chasowa. Koma ogulitsa tsopano ndi 2, osati 3, ndipo akanati asawerenge, munthu wachitatu wofuna batire akanalonjezedwa lija la mayi a ku Thyolo.

Zindikirani kuti vutoli silinayambire pa foni. Mapositi ambiri abodza amabadwira pa kauntala, pamene wina wagulitsa mwachangu kapena watenga katundu n'kunena kuti alemba mawa. Munthu wa mapositi sangakonze izi payekha, makamaka ngati wotengayo ndi mlamu wa bwana kapena wantchito wakale amene mwana watsopano sangamudzudzule. Lamulo loti chilichonse chotuluka chilembedwe lichokere kwa mwini shopu, onse akumva.

Akamaliza kuwerenga ndi pamene agwire foni. Mzere wachiwiri ukuti chilichonse chomwe chatha chibisidwe paliponse pomwe chinaikidwa. Mawu oti paliponse ndi ofunika, chifukwa katundu mmodzi amakhala m'katalogi, pa Marketplace, komanso m'magulu awiri kapena atatu a malonda pa Facebook. Wophunzira amabisa malo amodzi n'kuiwala enawo. Mankhwala ake ndi kuika m'buku la sitoko timabokosi tosonyeza komwe katundu aliyense anapositidwa, kuti akamabisa azichonga kamodzikamodzi. M'katalogi agwiritse ntchito Hide, osati Delete. Katundu wobisidwa saoneka kwa makasitomala koma zithunzi ndi mawu ake zimasungika, ndipo sitoko ina ikafika mumangomuonetsanso. Wofufutidwa muyenera kumulembanso kuyambira pachiyambi, n'kudikira kuti WhatsApp imuunike isanamuonetse. Pa Marketplace pali Mark as sold ya katundu wogulidwa, ndi Mark as pending ya amene wina walonjeza kutenga. Yachiwiriyi isamadinidwe chifukwa choti munthu wangonena kuti “mundisungire.” Shopu igwirizane kuti kusungira kumayamba dipoziti ikalowa, ndipo kumatha tsiku lakutilakuti.

Pa sitetasi palibe chodetsa nkhawa kwambiri chifukwa imadzichotsa yokha pakatha maola 24. Chongofunika n'chakuti katundu akatha masana, chithunzi chake cha m'mawa chichotsedwe.

Mzere wachitatu ndi wa mitengo, ndipo pano malire akhale oonekeratu. Wantchito watsopano amakonza mtengo wolembedwa, koma saganiza yekha mtengo. Pakhale pepala limodzi la mitengo, lolembedwa deti, lomwe mwini shopu yekha amasintha, ndipo ntchito ya wophunzira ikhale kuonetsetsa kuti kapepala ka pa shelefu, katalogi ndi Marketplace zikunena chimodzimodzi ndi pepalalo. Amalonda a m'dziko muno akukumbukira zomwe zinachitika mu Novembala 2023, pamene banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Chaka cha 2022 mu Meyi inali itatsikanso ndi 25 peresenti. Wogulitsa katundu wochokera kunja amene katalogi yake inakhala masiku angapo ndi mitengo yakale anakumana ndi makasitomala atanyamula chithunzi cha positi ija m'manja, akuumirira mtengo womwewo. Kugulitsa pa mtengo umenewo kunali kudya mpamba. Kukana kunali kuoneka wabodza. N'chifukwa chake pepala lochonga likhale ndi mzere wapadera wa tsiku lotere: bwana akanena kuti mitengo ikusintha, katundu yense wokhudzidwa abisidwe kaye, mitengo yatsopano ikatuluka aonetsedwenso mmodzimmodzi, kuyambira amene amayenda kwambiri.

Pali chizolowezi china chomwe sindigwirizana nacho, chosalemba mtengo n'kumauza aliyense kuti abwere kuseri mukakambirane. Eni ake amati amatero pothawa vuto la mitengo yosinthasintha. Koma ntchito imene mwathawa imabwerera kwa wantchito wanu kakhumi, chifukwa tsiku lonse amakhalira kuyankha funso limodzi lomwelo, ndipo munthu watsopano amene akuyankha za m'mutu ndi amene amatchula mitengo iwiri yosiyana kwa anthu awiri odziwana. Lembani mtengo, ndipo m'mafotokozedwe muonjezere deti lomwe munauona komaliza. Ngati shopu yanu imalola kunenerera, muuzeni wophunzirayo malire ake mwa nambala, monga kuti angachotse mpaka K5,000, kupitirira apo afunse. Kulengeza mtengo wina n'kulipiritsa wina ndi nkhani yomwe bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC limalandirapo madandaulo, ndipo mlandu umagwera shopu, osati mwana wolemba.

Za zithunzi ndi mawu sizifunika kuonedwa zonse tsiku lililonse. Aone za katundu watsopano, n'kuonjezera mapositi akale asanu kapena khumi patsiku motsatana, kuti pakutha pa mwezi katalogi yonse ikhale itadutsidwa. Lamulo la chithunzi ndi limodzi: chikhale cha katundu amene ali pa shelefu yathu, chojambulidwa ndi ife. Zithunzi zotengedwa pa intaneti zimaoneka bwino, koma kawirikawiri zimakhala za mtundu wina wa chinthu chomwecho. Pa zipangizo za sola chithunzi chachiwiri chikhale cha sitika ya kumbuyo, pomwe kampani yopanga inalemba mawati ndi mavoti, chojambulidwa pafupi kuti manambala awerengeke. Wogula wodziwa zinthu amayamba kuona chimenecho. Katundu wina akafika ndi dzina lina kapena mtundu wina, ngakhale akhale wa 100W yemweyo, chithunzi chisinthidwe.

Mawu ofotokozera ndi pomwe wachinyamata wofuna kusangalatsa bwana amapyola muyeso. Amalemba kuti batire “likuyendetsa nyumba yonse usiku wonse.” Khalani naye pansi muwerengere limodzi kamodzi kokha, sadzaiwalanso. Batire la 12V 100Ah limasunga mphamvu ya 1,200Wh. La jelo silifuna kukhetsedwa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, ndiye zogwiritsa ntchito ndi ngati 600Wh. TV ya 60W ndi mababu anayi a 5W zikudya 80W pamodzi. Pamenepo mupeza maola 7 ndi theka, ndipo iniveta nayo ikadyako yake, amachepera apo. Mukalumikiza firiji nkhani yasintha, ayironi ndiye osayerekeza. Wogula amene anawerenga kuti nyumba yonse adzabweza batirelo pakatha miyezi itatu litafooka, akunena kuti munamugulitsa feki. Choncho lamulo likhale loti alembe zomwe zili pa sitika ndi pa bokosi, zomwe zili m'katoni, ndi miyezi ya galanti monga momwe mwini shopu wanenera. Iniveta alembe ngati ili ya pure sine wave kapena modified sine wave monga momwe zalembedwera pa bokosi, chifukwa yachiwiriyi imavutitsa zipangizo zokhala ndi mota monga firiji. Chomwe sakuchidziwa asiye mpata, afunse.

Mauthenga ndaika kumapeto kwa ntchito ya m'mawa mwadala, ngakhale ndi amene amakopa maso poyamba. Munthu amene wayankha “zilipo” asanawerenge walonjeza chinthu chomwe sanachione. Akawerenga kaye, yankho lake limakhala ndi thupi: “Zikomo bambo, batire la jelo la 100Ah lilipo, atsala awiri. Mtengo ndi womwe uli pa katalogi. Mukafuna tikusungireni, mutumize dipoziti pa nambala ya shopu, tisunga mpaka Loweruka.” Mayankho obwerezabwereza, monga a komwe kuli shopu ndi nthawi yotsekulira, asungidwe mu Quick replies kuti akalemba chizindikiro cha / azingosankha. Koma yankho la “zilipo” lisasungidwe m'menemo.

Ndalama zikalowa m'nkhani, pepala lochonga likhale louma. Dipoziti ilowe pa nambala ya shopu yokha, osati ya wantchito, ngakhale kasitomala anene kuti netiweki ikuvuta. Chithunzi cha uthenga wa ndalama chomwe kasitomala watumiza si umboni, ngakhalenso uthenga wofika ngati SMS wamba, chifukwa akathyali amalemba okha mauthenga ofanana ndi enieni. Umboni ndi kuona balansi pa *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba, ndipo amene ali ndi nambala yachinsinsi ndiye aone. Akatsimikiza, ndi pamene katundu alembedwe kuti wasungidwa kapena atumizidwe pa basi. Wophunzira auzidwenso kuti manambala 6 omwe WhatsApp imatumiza pa SMS sapatsidwa kwa wina aliyense, ngakhale woimbayo anene kuti ndi wa ku kampani ya mafoni. Amene wapeza manambala amenewo walanda akaunti pamodzi ndi makasitomala onse, ndipo amayamba kuwapempha madipoziti m'dzina la shopu yanu.

Madzulo ntchito ndi yaifupi. Adutse malisiti a tsikulo, abise zomwe zatha masana, aone madipoziti omwe tsiku lake lakwana kuti katunduyo abwerere pa malonda, alembe mafunso omwe sanayankhidwe, n'kusayina pepala. Kamodzi pa sabata aone mapositi a pa Marketplace omwe akhalitsa; positi ikatha masiku 7 pamabwera mwayi wa Renew woikwezanso pamwamba, koma akweze zokhazo zomwe waziwerenga n'kuzipeza. Asaposite katundu yemweyo kawiri pofuna kuti aoneke kwambiri, chifukwa tsiku logulitsa adzabisa positi imodzi, inayo idzatsala ikuitana anthu.

Nanga kuphunzitsa kwake kuyende bwanji? Pepala palokha siliphunzitsa. Masiku awiri kapena atatu oyamba foni ikhale m'manja mwanu, iye agwire pepala ndi cholembera. Inu muzichita mukunena mokweza chomwe mukuchita ndi chifukwa chake, iye azichonga. Awerenge yekha katundu, chifukwa pamenepo palibe chomwe angawononge, komanso ndi mmene amaphunzirira maina ndi manambala. Masiku otsatira musinthane: iye agwire foni, koma asanadine Save akuonetseni. Sabata yachiwiri agwire yekha, inu muzingosankha katundu asanu mwachisawawa nthawi iliyonse ya tsiku, n'kuyerekeza shelefu, buku ndi foni. Poyesa katalogi gwiritsani ntchito foni ina, muione momwe kasitomala amaionera, chifukwa mwini akaunti amaonanso katundu wobisidwa ndi amene sanavomerezedwe, ndiye n'kosavuta kuganiza kuti zonse zili poyera.

Pali chizindikiro chimodzi chomwe chiyenera kukudetsani nkhawa: pepala lochongedwa bwinobwino tsiku ndi tsiku, lopanda funso ngakhale limodzi, lopanda nambala yosiyana. M'shopu yomwe katundu akuyenda, sabata singathe popanda kusiyana kwinakwake. Pepala loyera choncho nthawi zambiri limachongedwa munthu atakhala pa mpando. N'chifukwa chake mizere yofunika isamangofuna chizindikiro chochonga koma nambala. M'malo molemba kuti “Mabatire awerengedwa,” lembani kuti “BT-100G pa shelefu alipo angati?” n'kusiya mpata. Nambala imakakamiza munthu kuimirira. Ndipo pepalalo likwane tsamba limodzi, mizere khumi kapena khumi ndi iwiri. Likafika masamba atatu, wantchito amaliwerenga sabata yoyamba yokha. Akalakwitsa, yambani mwafunsa ngati pepala linanena momveka za chinthucho. Ngati silinanene, konzani mzerewo iye akuona, ndipo mawu ake akhale omwe iye amawamva.

Chomaliza chikukhudza inu eni ake. Nambala ya WhatsApp ya shopu ikhale yolembetsedwa m'dzina lanu, ndipo muikepo Two-step verification yomwe nambala yake yachinsinsi mukuidziwa nokha. Wantchito alowe kudzera pa Linked devices, pomwe mungalumikize zipangizo zofika zinayi, ndipo tsamba la Facebook la shopu likhale m'manja mwanu, iye mungom'patsa chilolezo chopositira. Mapositi a pa Marketplace amamangirira ku akaunti ya munthu amene wawaika, choncho musalole kuti katundu wa shopu aikidwe pa akaunti ya wantchito. Tsiku lomwe adzapeze ntchito ina kapena kubwerera kusukulu, mudzangochotsa chipangizo chake pa mndandanda, mapepala ake osayinidwa n'kuwapereka kwa amene adzalowe m'malo mwake kuti ayambirepo kuwerenga.